Mafunso ndi mayankho: kusandutsa kosi autilaini kukhala tebulo la sabata ndi sabata, lokhala ndi zowerenga komanso madeti a matesiti

Mafunso awa amabwerabwera semesita iliyonse, ena ochokera kwa ophunzira a chaka choyamba ena kwa aphunzitsi amene angopatsidwa kumene kosi, nde ndawaika pamodzi. Kuti tisamangoyankhula m'malere ndatenga kosi imodzi yongoyerekeza, ya njira zochitira kafukufuku, ndipo ndiyomwe tiyende nayo mpaka kumapeto. Madeti otsegulira ndi kutsekera semesita ndangopanga ndekha, inu mukatenge anu pa kalendala ya sukulu yanu, koma maholide ndi enieni a ku Malawi a chaka cha 2026.

Autilaini ndili nayo kale, mitu yonse ilipo. Tebulo ndi lachiyaninso?

Autilaini imakuuzani zomwe muphunzire, siyikuuzani kuti liti. Zambiri zimakhala ndi zolinga za kosi, mndandanda wa mitu, mabuku kumapeto, kenako kamzere kakuti asayinimenti 10 peresenti sabata 5, tesiti 15 peresenti sabata 7, basi. Zinthu zitatuzi, mitu, mabuku ndi malikisi, zili pamasamba osiyana ndipo palibe chikuzilumikiza, ndiye munthu umafika sabata 5 osadziwa kuti "sabata 5" yo ndi ino. Tebulo limaziika pamzere umodzi pansi pa deti yeniyeni.

Ndiyambire pati? Ndingogawa mitu ndi masabata eti?

Ayi, apa mpomwe anthu ambiri amaphonya. Munthu amaona mitu 8 masabata 14, nkumati mutu uliwonse sabata ndi theka kapena awiri, zatha. Papepala zimaoneka bwino koma pofika Meyi mitu itatu idakalipo masabata atsala awiri.

Yambani ndi madeti, mitu ibwere pambuyo. Ndondomeko yake ndi iyi: choyamba lembani masiku enieni amene kalasi ikukumana, chachiwiri chotsani maholide ndi buleki, chachitatu khomani matesiti ndi maasayinimenti, ndipo mukatero mpamene muike mitu mu maola omwe atsalawo, zowerenga kumapeto kwenikweni. Chifukwa chake nchakuti maholide ndi mayeso sizisuntha, pomwe mutu ukhoza kufinyidwa kapena kutambasulidwa. Choncho patebulo panu mufunika mapepala atatu osati limodzi: autilaini, kalendala ya sukulu (ija imanena tsiku lotsegulira, buleki ndi loyamba mayeso), ndi taimutebulo yomwe ikusonyeza masiku ndi maola a kosi imeneyo.

Tandionetsani ndi manambala, maolawo amachepa bwanji?

Kosi yathu ija ikukumana Lachiwiri maola awiri ndi Lachisanu ola limodzi, ndiye kuti maola atatu pa sabata. Semesita ikuyamba Lolemba pa 2 Malichi 2026, masabata ophunzira ndi 14, pakati pali buleki ya sabata imodzi kuyambira pa 20 Epulo, mayeso akuyamba pa 15 Juni. Masabata 14 kuchulukitsa ndi maola atatu ndi maola 42, ndipo nambala imeneyi ndiyomwe imanamiza anthu.

Tiyeni tichotsere. Pa 3 Malichi ndi tsiku lokumbukira anthu amene anafera dziko lino, chaka chimenechi likugwa Lachiwiri, ndiye kalasi yoyamba yeniyeniyo ya maola awiri yapita isanayambe nkomwe. Lachisanu Loyera lili pa 3 Epulo, ola limodzi lapita. Tsiku la apantchito pa 1 Meyi ndi Lachisanunso, lina lapita. Tatsala ndi 38. Kalasi ya pa 6 Malichi, yomwe tsopano ndiyo yoyamba, imathera kugawa autilaini, kudziwana ndi kupanga magulu, palibe amaphunzitsa za nzeru tsiku limenelo, 37. Tesiti ikudya Lachiwiri lathunthu, 35. Magulu kudzafotokoza ntchito yawo kutsogolo akudya Lachiwiri linanso, 33. Sabata yomaliza ndi yobwereza, maola atatu, nde tatsala ndi 30.

Kuchoka pa 42 kufika pa 30, ndipo apa sitinawerengere tsiku lomwe aphunzitsi apita ku maliro kapena ku msonkhano. Mitu 8 ija iyenera kukwana mu maola 30 amenewa.

Maholide ndi omwewomwewo kwa aliyense, bwanji osangokopera tebulo la mnzanga?

Holide ndi imodzi inde koma siyiluma makosi onse mofanana. Kosi yomwe ikukumana Lolemba ndi Lachinayi mu semesita yomweyi siyikhudzidwa ndi pa 3 Malichi kapena pa 1 Meyi, koma itaya Lolemba la Pasaka pa 6 Epulo ndi tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi lomwe likugwa Lachinayi. Ndiye kosi iliyonse muiwerengere payokha malinga ndi masiku ake.

Idi ndiyo yovuta chifukwa imadalira kuoneka kwa mwezi, deti yake yeniyeni imalengezedwa kutatsala pang'ono. Mu 2026 ikugwa chapa 20 kapena 21 Malichi, ndipo pa 20 ndi Lachisanu, tsiku la kalasi yathu. Ine sindimachotsa ola limenelo koma ndimaika chizindikiro cha funso pambali pake nkusiya ola limodzi lopanda kanthu kutsogolo loti lidzabweze. Ngati semesita yanu ndi ya mbali ina ya chaka muyang'ane 6 Julaye, tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake, 1 Januwale ndi tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale. Kumbukiraninso kuti holide ikagwa Loweruka kapena Lamulungu anthu amakapuma Lolemba lotsatira, ndiye a makalasi a Lolemba muzikhala tcheru.

Autilaini ikuti "sabata 8". Ndikawerenga pakalendala sabata yachisanu ndi chitatu ndi ya buleki. Ndiye ndi iti?

Funso ili ndi lomwe limapangitsa anthu kupereka ntchito mochedwa kapena kukhala usiku wonse osagona chifukwa cha ntchito yoti ikadali ndi sabata ina. Pali mawerengedwe awiri. Mukangowerenga masabata pakalendala kuchokera pa 2 Malichi, yachisanu ndi chitatu ikuyamba pa 20 Epulo, yomwe ndi buleki. Mukawerenga masabata ophunzira okha buleki simuipatsa nambala, ndiye sabata 8 ikuyamba pa 27 Epulo. Buleki isanafike mawerengedwe awiriwa amagwirizana, koma ikangodutsa amasiyana ndi masiku 7 mpaka kumapeto, ndiye "sabata 13" ikhoza kukhala pa 25 Meyi kapena pa 1 Juni kutengera amene akuwerengayo.

Onani pa kalendala ya sukulu ngati yalemba manambala a masabata, ngati yalemba tsatirani imeneyo. Ngati sinalembe, kalasi repu akafunse aphunzitsi, koma asafunse kuti "sabata 13 ndi iti", afunse motere: "A dokotala, magulu aja akudzafotokoza Lachiwiri pa 2 Juni, si choncho?" Funso lokhala ndi deti limayankhidwa ndi inde kapena ayi, ndipo yankholo liikidwe pagulupu kuti aliyense alione. Mutebulo mwanu buleki ikhale ndi mzere wakewake, deti ilipo koma nambala ayi.

Makolamu akhale angati, ndipo olemba chiyani?

Asanu amakwana: nambala ya sabata, Lolemba lake, mutu, zowerenga, ndi ntchito kapena chenjezo. Mukachulukitsa makolamu tebulo silikwana pafoni ndipo mumasiya kulitsegula. Lathu latuluka chonchi:

| Sabata | Lolemba | Mutu | Werengani musanalowe | Ntchito ndi zochenjeza |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 2 Malichi | Mawu oyamba | Autilaini | Pa 3 ndi holide, kalasi ndi ya pa 6 yokha |
| 2 | 9 Malichi | 1. Kafukufuku nchiyani | Chaputala 1 | |
| 3 | 16 Malichi | 2. Vuto ndi mafunso a kafukufuku | Chaputala 2 ndi 3 | Pa 20 mwina Idi |
| 4 | 23 Malichi | 3. Zomwe ena analemba kale | Chaputala 4 | |
| 5 | 30 Malichi | 4. Mitundu ya kafukufuku | Chaputala 5 | Asayinimenti (10) Lachiwiri pa 31; pa 3 Epulo holide |
| 6 | 6 Epulo | 4. Kupitiriza | Chaputala 6 | |
| 7 | 13 Epulo | Palibe mutu watsopano | Manotsi a mitu 1 mpaka 4 | Tesiti (15) Lachiwiri pa 14. Pa 17 ola lobwezera |
| | 20 Epulo | Buleki | Chaputala 7 | |
| 8 | 27 Epulo | 5. Kusankha sampulo | Chaputala 7 | Pa 1 Meyi holide |
| 9 | 4 Meyi | 5. Kumaliza pa 5 Meyi. Mutu 6 ukuyamba pa 8 Meyi | Chaputala 8 | |
| 10 | 11 Meyi | 6. Zida zotolera deta | Chaputala 9 | Magulu ayambe kulemba mafunso |
| 11 | 18 Meyi | 7. Kusanthula deta | Chaputala 10 | |
| 12 | 25 Meyi | 7. Kumaliza pa 26 Meyi. Mutu 8 ukuyamba pa 29 Meyi | Chaputala 11 ndi 12 | |
| 13 | 1 Juni | 8. Kulemekeza ofunsidwa ndi kulemba lipoti | Chaputala 13 | Magulu (15) Lachiwiri pa 2 |
| 14 | 8 Juni | Kubwereza | Mapepala a mayeso akale | Mayeso (60) kuyambira pa 15 |

Mukaphatikiza manambala a malikisiwo, 10, 15, 15 ndi 60, akukwana 100. Chitani zimenezi nthawi zonse, akapanda kukwana ndiye kuti pali ntchito ina mwaidumpha, kawirikawiri kakwizi kapena malikisi a kupezeka mkalasi omwe anabisala mkati mwa ndime ina.

Bwanji mitu ina mwaipatsa maola asanu ina awiri okha? Si kukondera?

Nkukondera ndithu ndipo kumafunika. Mitu pa autilaini imalembedwa mzere umodzi umodzi ngati ndi yofanana koma siili choncho. Mutu 1 munthu akhoza kuwerenga yekha nkumva, pomwe mutu 7 wosanthula deta umafuna kuti anthu agwire manambala ndi manja awo, alakwitse, abwerezenso. Pali zinthu zitatu zomwe zimakuuzani kulemera kwa mutu. Choyamba werengani timitu tating'ono tomwe tili pansi pake, mutu wa timitu 6 sungafanane ndi wa tiwiri. Chachiwiri onani machaputala omwe ukufuna. Chachitatu, chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri, tengani mapepala a mayeso a zaka zapitazo ku laibulale muone mitu yomwe imabwera ndi malikisi ambiri.

Mwa ife zagawika chonchi: mitu 1, 2 ndi 3 maola atatu uliwonse, mutu 4 maola asanu, mitu 5 ndi 6 anayi anayi, mutu 7 asanu, mutu 8 awiri, kuphatikiza ola lobwezera lija zikukwana 30 ndendende. Mutu 8 wapanikizika, sindikukana, koma penapake pamayenera kupanikizika ndipo bola kusankha nokha mu Malichi kusiyana nkuti zidzangochitika zokha mu Juni.

Ngati ndinu wophunzira kagawidweka ndi kongoyerekeza, aphunzitsi ayenda pa liwiro lawo. Phindu lake ndi lakuti sabata 6 ikakwana iwo akadali pa mutu 3 mudziwiratu kuti kalasi yatsalira ndi sabata ndi kanthu, nde mufunse msanga ngati tesiti ikafike pa mutu 4 kapena ayi.

Asayinimenti mwaiika Lachiwiri pa 31 Malichi pomwe autilaini yangoti sabata 5. Mwaitenga kuti deti imeneyo?

Autilaini ikangotchula sabata osatchula tsiku, anthu ambiri amaganiza za Lachisanu, koma Lachisanu la sabata imeneyo ndi Lachisanu Loyera, maofesi otseka. Tsiku lokhalo lomwe kalasi ikukumana ndi Lachiwiri. Kwa wophunzira lamulo lake ndi lophweka, pomwe simukudziwa lembani tsiku loyambirira lomwe zingatheke mpaka aphunzitsi atanena china. Kwa mphunzitsi, lembani tsiku, ola ndi njira yoperekera, kaya ndi pepala mkalasi kaya ndi pa Moodle kaya pa imelo, apo ayi ena adzakubweretserani Lachiwiri la pa 7 Epulo nkumati "paja kunali holide".

Kenako yesani ngati detiyo ikugwirizana ndi mutu womwe ntchitoyo ikuyesa. Asayinimenti yathu ndi yoti munthu alembe vuto ndi mafunso a kafukufuku wake, womwe ndi mutu 2. Mutuwo ukutha pa 20 Malichi, ndiye pali masiku 11 olembera, zili bwino. Koma Idi ikadya pa 20 mutuwo ukathera pa 24, masiku atsala 7 okha, zothekabe koma zothina. Tesiti nayo chimodzimodzi, ikuyesa mitu 1 mpaka 4 ndipo mutu 4 ukutha Lachisanu pa 10 Epulo, tesiti Lachiwiri pa 14, pakati pali wikendi imodzi. Ndi chifukwa chake sabata 7 mulibe mutu watsopano. Chizindikiro choti tebulo lalakwika nchosavuta kuona: mukapeza ntchito ili pamwamba pa mzere wa mutu womwe ikuyesa, kapena pamzere womwewo, china chake chiyenera kusuntha.

Zowerenga ndiziike bwanji? Autilaini yangondandalika mabuku 9 kumapeto osanena kuti liti ndi la mutu uti.

Mabuku amakhala m'magulu awiri nthawi zambiri, ofunika kuwerenga ndi ongothandizira. Mutebulo mulowe oyambawo, enawo asiyeni pa autilaini pomwepo mudzawafuna polemba asayinimenti. Tengani buku lalikulu la kosiyo, tsegulani pa zamkatimu, muike autilaini pambali nkumalumikiza mutu ndi chaputala. Musayembekezere kuti manambala agwirizana, mwaona kwa ife mutu 5 uli pa chaputala 7, ndipo mabuku ena amaika nkhani yolemekeza ofunsidwa koyambirira pomwe autilaini yaika kumapeto. Mutu womwe simukuupeza pa zamkatimu ufufuzeni pa mndandanda wa mawu kumapeto kwa buku, ngati mulibenso ndi pamene mupite ku buku lachiwiri.

Lembani nambala ya chaputala ndi dzina lake lalifupi, osati mapeji okha. Buku lomwelo likasindikizidwanso mapeji amasuntha, nthawi zina machaputala amawonjezereka, ndiye "peji 88 mpaka 120" ya aphunzitsi ikhoza kukhala nkhani ina mu kope lomwe lili ku laibulale. Ndi ma PDF nawonso pali msampha, nambala yomwe foni ikuonetsa pamwamba siyifanana ndi yomwe yasindikizidwa papeji chifukwa foni imawerenga kuyambira pa chikuto. Gwiritsani ntchito yosindikizidwayo.

Ndipo dzina la kolamu likuti werengani musanalowe. Chaputala 5 chikaikidwa pa sabata 5 ndiye kuti chikhale chitawerengedwa pofika Lachiwiri pa 31 Malichi, osati muchiyambe tsikulo. Apa ndi pamene tebulo limaonetsa zobisika, chifukwa tsiku lomwelo ndi lopereka asayinimenti, ndiye wikendi ya pa 28 ndi 29 yanyamula zinthu ziwiri. Sabata 4 ili ndi chaputala chimodzi chokha, ndiye wanzeru ayambiretu chaputala 5 mkati mwa sabata imeneyo.

Ndingadziwe bwanji kuti zowerenga za sabata zachuluka?

Werengerani mapeji a mzere uliwonse. Tiyerekeze kuti chaputala 2 chili ndi mapeji 24 ndipo chaputala 3 chili ndi 30, ndiye sabata 3 yanyamula 54 pomwe sabata 2 ili ndi chaputala 1 cha mapeji 18 basi. Kenako dziyeseni nokha, khalani ola limodzi ndi bukulo mukulemba manotsi muone mwafika pati. Ngati ndi mapeji 9, ndiye kuti 54 aja akufuna maola 6, pa kosi imodzi, ndipo muli ndi makosi ena asanu. Njira yake si kudumpha koma kukankhira mmbuyo, chaputala 2 chiyambike mu sabata 2 yopepukayo. Nthawi zonse kankhirani ku sabata yam'mbuyo, mukakankhira kutsogolo mukhala mukuwerenga zomwe kalasi inadutsa kale.

Ngati buku ndi la pa shelefu ya obwereka maola ochepa ndipo kalasi ndi ya anthu ambirimbiri, lembaninso patebulo sabata yoti mukajambule kapena kupanga fotokope, sabata imodzi chaputalacho chisanafunike, chifukwa sabata yakeyo aliyense amakhala akulisaka.

Ndipange mu Word kapena Excel?

Lopachika pakhoma kapena logawira kalasi, Word ili bwino. Pitani pa Insert kenako Table, pepala muligoneke chammbali posankha Landscape, ndipo mzere wapamwamba muupange Repeat Header Rows kuti tebulo likadumphira peji yachiwiri mayina a makolamu aonekenso. Koma kuwerengera madeti chitirani mu Excel kapena Google Sheets kenako mukopere, chifukwa kulemba madeti 15 pamanja kumabweretsa zolakwika, makamaka podumpha mwezi.

Lembani Lolemba loyamba mu B2, kenako mu B3 ikani fomula iyi nkuikokera pansi mpaka B16:

```
=B2+7
```

Masiku a kalasi amachokera pomwepo, Lachiwiri mu C2 ndi Lachisanu mu D2:

```
=B2+1
=B2+4
```

Manambala a masabata mu kolamu A lembani pamanja kuti mudumphe buleki. Maholide alembeni pansi pansi mu J2 mpaka J8, ndipo fomula iyi ikuuzani ngati tsiku la mu C2 lagwa pa holide, ya D2 ndi chimodzimodzi kungosintha chilembo:

```
=IF(COUNTIF($J$2:$J$8,C2)>0,"HOLIDE","")
```

Ikakana kulowa yesani kusintha makoma kukhala `;` chifukwa makompyuta ena anatcheredwa choncho.

Madeti anga akutuluka zachilendo, pena 46083 pena ####, pena mwezi wolakwika.

46083 si vuto, ndi mmene Excel imasungira 2 Malichi 2026, imawerenga masiku ngati manambala. Dinani kumanja, Format Cells, Custom, mulembe `ddd d mmm` ndipo iwonetsa tsiku, deti ndi mwezi. Ma #### akungotanthauza kuti kolamu yachepa, ikulitseni.

Choopsa ndi chachitatucho chifukwa sichikuwa. Malaputopu ambiri amabwera atatcheredwa mwa chi Amereka, mwezi patsogolo deti pambuyo, ndiye mukalemba 2/3/2026 inu mukuti 2 Malichi iyo imamva 3 Febuluwale, ndipo ikangolakwa B2 mizere yonse yalakwa. Mukalemba 20/4/2026 pamakina otere imalephera kupeza mwezi wa 20 nkungoisunga ngati mawu wamba, mudzaona yakhala kumanzere kwa bokosi pomwe madeti enieni amakhala kumanja, ndipo fomula ya holide ija siyiiona. Njira yosalakwa ndi kulemba chonchi:

```
=DATE(2026,3,2)
```

Kuti mutsimikize, `=WEEKDAY(B2,2)` iyenera kupereka 1 ngati ndi Lolemba. 3 Febuluwale 2026 ndi Lachiwiri, ndiye ikapereka 2 mwadziwa chachitika. Mu Google Sheets mungathenso kupita pa File, Settings, nkusintha Locale kukhala United Kingdom.

Nanga sukulu ikasintha tsiku lotsegulira? Ndiyambirenso?

Ngati munagwiritsa ntchito mafomula mungosintha B2, madeti onse asuntha okha. Koma maholide sasuntha nawo, nde musangosintha nkutseka. Titati tatsegulira pa 9 Malichi m'malo mwa pa 2, holide ya pa 3 Malichi siyikutikhudzanso, tapeza maola awiri. Lachisanu Loyera lachoka mu sabata 5 lapita mu sabata 4, ndiye mutu 3 ndi womwe wataya ola tsopano, ndipo asayinimenti ya sabata 5 yagwa mu sabata ya pa 6 Epulo. Buleki nayo muionenso pa kalendala yatsopano, nthawi zina imasuntha nthawi zina amaichotseratu kuti semesita ithe pa nthawi yake.

Tebulo losinthidwa mulilembe pamwamba deti yomwe mwalisintha, ndipo dzina la fayilo likhalenso ndi deti. Pagulupu ya kalasi pamakhala mafayilo atatu onse otchedwa "yomaliza" ndipo anthu amatsegula yomwe yawagwera pafupi.

Kalasi imodzi yalephereka, aphunzitsi sanabwere. Ndisunthe zonse?

Sunthani mitu yokha, madeti a ntchito asiyeni pomwe ali mpaka aphunzitsi anene okha. Ola loyamba lotayika lilowe mu ola lobwezera lija la pa 17 Epulo. Vuto lake ndi loti ola limenelo lili pambuyo pa tesiti, ndiye ngati chotayikacho ndi cha mutu 4, funso loti lifunsidwe ndi lakuti tesiti ithera pati. Buleki ikadutsa tebulo lathu lilibenso malo opumira, chotayika chilichonse chikadya sabata yobwereza kapena chifuna kalasi yapadera Loweruka.

Ndili ndi makosi 6. Matebulo 6?

Eya, koma mufayilo imodzi, kosi iliyonse tsamba lake, kenako tsamba lina lomwe muli ntchito zokhazokha za makosi onse: deti, kosi, ntchito, malikisi. Musanje ndi deti kudzera pa Data kenako Sort. Mudzaona kuti zinthu zimaunjikana malo awiri, sabata ya buleki isanafike ndi masabata awiri omaliza, chifukwa mphunzitsi aliyense amaganiza mofanana ndi mnzake osafunsana. Mukapeza matesiti atatu mu sabata ya pa 13 Epulo mukadali mu Malichi, kalasi repu akhoza kupita mwaulemu kukapempha kuti imodzi isunthe, ndipo pempho la nthawi imeneyo limamveka kusiyana ndi la dzulo lake la tesiti. Zikakanika onjezani kolamu ya tsiku loyambira, ntchito ya 15 peresenti yambani masabata awiri isanafike, ya 10 masiku 10.

Ndilibe laputopu, foni yokha.

Google Sheets pafoni imatha mafomula onsewa, kungoti kukokera pansi kumavuta ndi chala, nde koperani bokosi la B3 nkulimata pa B4 mpaka B16. Mukamaliza jambulani sikirini kuti muzitha kuliona olo bandulo itatha. Apo ayi pepala la pakati pa kope, rula ndi kalendala ya pakhoma zimagwira ntchito yomweyo, mizere 15 makolamu asanu. Madeti ndi maholide lembani ndi bolopeni, mitu ndi zowerenga ndi pensulo poti ndi zomwe zidzasunthe.